Katundu wa m'boti pa pepala la gilafu: mafunso ndi mayankho

M'masamu a Fomu 4 muli mutu wa liniya pulogiramingi, ndipo funso lake pa mayeso a MSCE limayankhidwa pa pepala la gilafu, ndi rula ndi pensulo. Ana ambiri amagwa pa ntchito ziwiri zapakati: kujambula mizere ya malire, ndi kudziwa mbali yoti adetse. Mafunso ali m'munsimu ndi omwe ophunzira amafunsa kawirikawiri, ndipo onse tawayankha ndi chitsanzo chimodzi chochokera padoko la Nkhata Bay. Manambala ake ndi ongoyerekeza, tawasankha kuti awerengeke bwino.

Kodi malire amene tikujambulawa ndi chiyani kwenikweni?

Taganizirani za mwini boti lamatabwa amene amanyamula katundu kuchokera ku Usisya kubwera naye pa Nkhata Bay. Msewu wa ku Usisya ndi wamapiri ndiponso wovuta, choncho katundu wambiri amayenda panyanja, ena pa Ilala, ena pa maboti ngati limeneli. Lero amalonda amubweretsera katundu wa mitundu iwiri: matumba a ufa wa kondowole olemera makilogalamu 50 lililonse, ndi matumba a usipa wouma olemera makilogalamu 20 lililonse. Boti silingapitirire makilogalamu 2,000 a katundu. Malonso ndi ochepa: mungalowe matumba a ufa 80 mutakhala kuti mulibe china, koma thumba la usipa, ngakhale lili lopepuka, ndi lalikulu ndipo silifuna kutsinderedwa, kotero limadya malo a matumba awiri a ufa. Komanso mwini botiyo analonjeza kale mayi wina wogulitsa ku Mzuzu kuti amunyamulira matumba a usipa osachepera 10. Kulemera, malo ndi lonjezo ndiwo malire ake. Tikati x ndi chiwerengero cha matumba a ufa ndipo y ndi cha matumba a usipa, malirewo amalembedwa chonchi: 50x + 20y ≤ 2000 pa kulemera, x + 2y ≤ 80 pa malo, ndi y ≥ 10 pa lonjezo. Palinso x ≥ 0, chifukwa munthu sanganyamule matumba ochepera ziro. Malire otsirizawa funso silimawatchula nthawi zambiri, koma inu muyenera kuwalemba.

Nanga matumba a m'boti akwana bwanji pa pepala?

Kadontho kalikonse pa gilafu ndi kapakiridwe kamodzi ka boti. Mzere wogona, wa x, ukuwerenga ufa. Mzere woima, wa y, ukuwerenga usipa. Kadontho ka (20, 15) kakutanthauza matumba 20 a ufa ndi 15 a usipa. Kulemera kwake ndi 1,000 kuphatikiza 300, ndiye 1,300, pansi pa 2,000. Malo ake ndi 20 kuphatikiza 30, ndiye 50, pansi pa 80. Usipa wapitirira 10. Kapakiridwe aka ndi kololedwa. Ka (38, 20) ayi, chifukwa kulemera kwafika 2,300. Mukanakhala ndi nthawi yoyesa timadontho tonse kamodzikamodzi, mukanapeza kuti tololedwa tonse taunjikana pamalo amodzi, mkati mwa mpanda wa mbali zowongoka. Malo amenewo ndiwo dera lovomerezeka. Mizere timaijambula kuti tilipeze derali msanga popanda kuyesa timadontho tonse.

Ndiyambe ndi chiyani ndisanajambule mzere uliwonse?

Yambani ndi kupeputsa manambala, kenako sankhani sikelo. Mu 50x + 20y ≤ 2000 manambala onse amagawika ndi 10, ndiye malirewa akhala 5x + 2y ≤ 200. Palibe chasintha m'boti, kungoti kuwerengera kwaphweka. Tsono fufuzani pamene mzere uliwonse ukadule mizere ya x ndi y, musanalembe nambala iliyonse m'mphepete mwa pepala. M'chitsanzo chathu x afunika kufika 80 ndipo y afika 100. Mukatenga masentimita 2 kuimira matumba 10 mbali zonse ziwiri, mufuna masentimita 16 m'mbali ndi 20 m'mwamba, ndipo pepala la gilafu la masiku onse limakwana. Funso likakupatsani sikelo yake, tsatani yomweyo. Cholakwika chomwe chimaononga gilafu yonse ndi kudumphitsa manambala mosafanana, kulemba 10, 20, 40, 80 m'mipata yofanana pofuna kuti 80 akwane papepala. Pa gilafu yotere mzere wa rula suimiranso malire anu, ndipo chilichonse chowerengedwa pamenepo n'chabodza.

Kodi mzere wa malire ndiujambule bwanji?

Chotsani kaye chizindikiro cha ≤ kapena ≥, muikepo cha =. Mzere umene mukujambula ukuimira boti litadzaza ndendende pa malirewo. Tengani wa malo, x + 2y = 80. Mukapanda kunyamula ufa, x ndi 0, ndipo 2y = 80 ikupatsani y = 40: kadontho ka (0, 40) pa mzere woima. Mukapanda kunyamula usipa, y ndi 0 ndipo x = 80: kadontho ka (80, 0) pa mzere wogona. Lumikizani timadontho tiwirito ndi rula. Wa kulemera, 5x + 2y = 200, uchiteni chimodzimodzi: x akakhala 0, y ndi 100; y akakhala 0, x ndi 40. Timadontho take ndi (0, 100) ndi (40, 0). Muona kuti mzere umenewu ndi wotsetsereka kwambiri pomwe wa malo uja wagonako, ndipo zimenezi zili ndi tanthauzo. Mukatsitsa matumba awiri a ufa, kulemera kukulolani kukweza asanu a usipa, koma malo akulolani limodzi lokha.

Timadontho tiwiri timakwana kujambula mzere, koma sitingakuuzeni ngati mwalakwitsa, chifukwa rula imavomera timadontho tiwiri tilitonse. Pezani kachitatu kotsimikizira. Pa mzere wa malo, x akakhala 40, y ayenera kukhala 20. Pa wa kulemera, x akakhala 20, y ayenera kukhala 50. Ngati mzere wanu waphonya (40, 20) kapena (20, 50), penapake pasokonekera, ndipo kawirikawiri chimakhala choti manambala asinthana malo: 40 wa pa y waikidwa pa x. Pomaliza lembani dzina la mzere pambali pake. Mizere ikafika inayi papepala, wopanda dzina umasokoneza mwini wake yemwe, kuli bwanji wochonga.

Nanga y ≥ 10, mulibe x, ijambulidwa chogona kapena choimirira?

Chogona. Ambiri amaganiza kuti poti mzere wa y ndi woima, ndiye y = 10 nawonso uima. Funsani kuti ndi timadontho titi tili ndi matumba 10 a usipa: (0, 10), (20, 10), (35, 10). Tonseti tili pa msinkhu umodzi, choncho mzere wake wagona, kudula mzere woima pa 10. Malire onena za x yekha, monga x ≤ 60, ndiwo amakhala mzere woimirira, wodula mzere wogona pa 60. Ndipo x = 0 simufunika kuujambula mwatsopano, ndi mzere wa y womwewo.

Ndidziwa bwanji mbali yololedwa ya mzere?

Mzere uliwonse umagawa pepala pawiri, ndipo mbali imodzi yonse imamvera malirewo pomwe inayo yonse imawaphwanya. N'chifukwa chake kadontho kamodzi kokha kamakwana kuyesera. Tengani kalikonse kamene sikali pamzerepo, muike manambala ake m'malire oyambirira aja, a chizindikiro cha ≤ kapena ≥. Kosavuta ndi (0, 0), boti lopanda kanthu. Pa kulemera, 0 ≤ 200 ndi zoona, ndiye mbali yomwe kuli (0, 0) ndiyo yololedwa. Pa malo, 0 ≤ 80 ndi zoonanso. Pa lonjezo, 0 ≥ 10 ndi bodza: boti lopanda kanthu laphwanya lonjezo la mayi uja, ndiye mbali yololedwa ndi inayo, yakumwamba kwa mzere. Mukangomaliza kuyesa, detsani pomwepo musanapite ku mzere wina.

Ena amati ≤ ndi pansi pa mzere, ≥ ndi pamwamba. Kodi sindingangoloweza zimenezi?

Musaloweze. Lamuloli limagwira pokhapokha nambala yochulukitsa y ilibe mayinasi, ndipo ana ambiri amaiwala mbali imeneyi ya lamulo. Tiyerekeze kuti mwini boti akufuna katundu wolemera pansi kuti boti likhazikike m'madzi, ndiye walamula kuti matumba a usipa asapitirire kuwirikiza kawiri matumba a ufa. Malire atsopanowa ndi y ≤ 2x, ndipo mbali yololedwa ili pansi pa mzere. Koma wolemba funso atha kulemba malire omwewa ngati 2x − y ≥ 0. Chizindikiro tsopano ndi ≥, koma mbali yololedwa ikadali ya pansi yomwe ija. Woloweza atenga mbali yolakwika. Chimachititsa n'choti mukachulukitsa kapena kugawa mbali zonse ziwiri ndi nambala ya mayinasi, chizindikiro chimatembenuka: 3 ndi wochepa kwa 5, koma −3 ndi wamkulu kwa −5. Kuyesa ndi kadontho sikugwa mu msampha umenewu, chifukwa simusuntha kanthu kalikonse, mumangoika manambala.

Mzere ukadutsa pa (0, 0) penipeni, ndichite bwanji?

Mzere wa y = 2x ndi wotero, ndipo umavuta pawiri. Choyamba, njira ija yoika ziro imakupatsani kadontho kamodzi kokha: x akakhala 0, y ndi 0, ndipo y akakhala 0, x ndi 0. Sankhani nokha x wina wakutali ndithu, monga 20, mupeze y = 40, mulumikize (0, 0) ndi (20, 40). Kadontho kapafupi ngati (1, 2) sikathandiza pa sikelo yathu, chifukwa rula ikapendekeka pang'ono pokha, kumapeto kwa mzere kuphonya kwake kumakhala kwakukulu. Chachiwiri, (0, 0) sikangakhale koyesera, poti kali pamzere pomwepo ndipo kangokuuzani kuti 0 ≤ 0. Tengani (10, 0): y ndi 0, 2x ndi 20, ndipo 0 ≤ 20 ndi zoona. Mbali yomwe kuli (10, 0), kumanja ndi pansi pa mzere, ndiyo yololedwa.

Ndidetse mbali yofunika kapena yosafunika?

Chitani zomwe funso lanena, ndipo mafunso a MSCE kawirikawiri amati mudetse mbali yosafunika. Mabuku ena akunja amadetsa yofunika, ndipo mapulogalamu apafoni monga Desmos ndi GeoGebra amateronso: mukalemba `5x+2y<=200` amapaka utoto mbali yololedwa. Njira zonse ziwiri zimaloza dera limodzi lomwelo. Koma kwa munthu wa pensulo, ine ndimalimbikira kudetsa mbali yosafunika. Mukadetsa yofunika pa malire anayi, dera lanu limakhala pomwe mikwasa inayi yasanjikizana, pakuda bii, ndipo m'pomwe mukufuna kuwerenga manambala. Mukadetsa yosafunika, mzere uliwonse umadula chigawo chake n'kuchitaya, ndipo chotsala chili mbee ndilo dera lanu. Simufunikanso kudetsa theka lonse la pepala. Timizere tifupitifupi topendekeka, tokhudza mzere kumbali yotayidwa, tikwana. Pakati pa dera loyeralo lembani chilembo chomwe funso lakupatsani, kawirikawiri R.

Nanga mzere wodukaduka umabwera liti?

Umabwera pamene chizindikiro ndi < kapena >, chopanda kamzere kunsi. Boti lathu likuloledwa kufika 2,000 ndendende, choncho timadontho ta pamzere pomwepo tili m'dera, ndipo mzere ndi wathunthu. Funso likanati katundu akhale wochepera makilogalamu 2,000, tikanalemba 5x + 2y < 200, n'kujambula mzere wodukaduka, kusonyeza kuti pamzerepo sipololedwa. Mawu a m'funso ndiwo amakuuzani. "Osapitirira 80" ndi ≤ 80. "Osachepera 10" ndi ≥ 10. "Ochepera 80" ndi < 80, ndipo "opitirira 10" ndi > 10. Pa katundu wowerengeka ngati matumba kusiyana kwake kumaoneka bwino: y ≥ 10 ikulola matumba 10, pomwe y > 10 ikuyambira pa 11.

Dera la boti lathu latuluka lotani, ndipo ngodya zake ndizipeza bwanji?

Tibwerere ku malire anayi oyamba aja, kusiya a y ≤ 2x. Dera loyera lili ndi ngodya zinayi. Ziwiri zili pa mzere wa y: (0, 10), pomwe payambira lonjezo, ndi (0, 40), pomwe usipa wokha wadzaza malo. Yachitatu ili pomwe mzere wa lonjezo wakumana ndi wa kulemera: ikani y = 10 mu 5x + 2y = 200, mupeza 5x = 180, ndiye x = 36, ngodya ya (36, 10). Yachinayi ili pomwe mzere wa kulemera wakumana ndi wa malo. Diso likuuzani kuti ili chapafupi ndi (30, 25), koma tsimikizani ndi cholembera. Chotsani x + 2y = 80 mu 5x + 2y = 200; 2y achoka, patsala 4x = 120, ndiye x = 30, ndipo 30 + 2y = 80 ikupatsani y = 25. Pa ngodya imeneyi boti lalemera 1,500 kuphatikiza 500, ndiye 2,000 ndendende, ndipo malo 30 kuphatikiza 50 akwana 80 ndendende.

Chenjerani: si paliponse pomwe mizere yakumana pali ngodya ya dera. Mzere wa malo ukumana ndi wa lonjezo pa (60, 10), koma pamenepo kulemera ndi 3,200, boti lomira. Nawo (0, 100) ndi (40, 0), timadontho tomwe tinatithandiza kujambula, tili kunja: koyamba kasowa malo, kachiwiri kaphwanya lonjezo. Ngodya yeniyeni imakhudza dera loyera ndipo imamvera malire onse.

N'chifukwa chiyani amati yankho labwino limakhala pangodya?

Tinene kuti mwini boti amalipiritsa K2,000 pa thumba la ufa ndi K3,000 pa la usipa. Ndalama za ulendo ndi 2000x + 3000y. Kapakiridwe konse kobweretsa K60,000 kali pa mzere umodzi wowongoka, wochoka pa (30, 0) kufika pa (0, 20). Ka K90,000 kali pa mzere wina wopendekeka mofanana, koma wakutsogolo. Ikani rula pa mzere wa K60,000, muikankhe kupita kumtunda chakumanja osaipotoza. Malo otsiriza amene rula ikhudze isanatuluke m'dera ndiwo a ndalama zambiri, ndipo pa dera la mbali zowongoka malo otsirizawo amakhala ngodya. Nthawi zina rula imagona ndendende pa mbali yonse ya dera. Zikatero ngodya ziwiri zimafanana ndalama pamodzi ndi timadontho tonse ta pakati pake. Tikawerengera ngodya zathu: (0, 10) ibweretsa K30,000, (36, 10) ibweretsa K102,000, (0, 40) ibweretsa K120,000, ndipo (30, 25) ibweretsa K135,000. Onani kuti kudzaza usipa wokhawokha, ngakhale ndiwo wolipira bwino pa thumba, kukuluza K15,000, chifukwa kukusiya makilogalamu 1,200 a mphamvu ya boti osagwira ntchito.

Ngodya ikatuluka ya nambala yosakwana, ndingoyandikizitsa ku nambala yathunthu?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe dera lojambulidwa bwino limapulumutsa. M'miyezi yozizira mwera ukamaomba kuchokera kummwera, nyanja imakhala ndi mafunde aakulu, ndipo mwini boti wanzeru amachepetsa katundu. Tinene kuti watsikira pa makilogalamu 1,900. Mzere wa kulemera ukhala 5x + 2y = 190, wasunthira pang'ono kumanzere koma kupendekeka kwake n'komweko. Ngodya ija tsopano ili pa x = 27.5 ndi y = 26.25. Theka la thumba silinyamulidwa. Woyandikizitsa alemba (28, 26), koma kulemera kwake ndi 1,400 kuphatikiza 520, ndiye 1,920: kadontho kagwera kunja kwa dera, ndipo boti lapitirira muyeso pa tsiku la mwera. Choyenera ndi kuyang'ana timadontho ta manambala athunthu tomwe tili mkati mwa dera, pafupi ndi ngodyayo, n'kutiyesa. Ka (28, 25) kalemera 1,900 ndipo kabweretsa K131,000. Ka (27, 26) kabweretsa K132,000. Ka (26, 27) kalemera 1,840, kadzaza malo 80 onse, ndipo kabweretsa K133,000. Kopambana ndi kotsirizaka, ngakhale sikanali koyandikira kwambiri ngodya.

Nditadetsa zonse, pepala lonse lada, palibe poyera. Ndalakwitsa?

Pa mayeso, kawirikawiri inde: bwererani muyesenso mzere uliwonse ndi kadontho, makamaka wa "osachepera" ndi wodutsa pa (0, 0). Koma kunja kwa mayeso zimachitikadi kuti malire amatsutsana. Mwini boti akanalonjeza matumba a usipa osachepera 45, mzere wa y = 45 ukanadutsa pamwamba pa (0, 40), ndipo sipakanatsala poyera paliponse. Gilafu ikanamuuza kuti lonjezolo silingatheke pa ulendo umodzi. Palinso zina ziwiri zomwe zimadabwitsa ophunzira koma si zolakwika. Mzere wina utha osakhudza dera n'komwe: ngati ufa umene ulipo pagombe ndi matumba 60, mzere wa x = 60 udutsa kutali kumanja, chifukwa kulemera ndi lonjezo zaletsa kale ufa kupitirira 36. Ujambuleni ndithu ndi kuudetsa. Komanso dera litha kukhala lotseguka mbali imodzi, lopanda mathero, makamaka m'mafunso amene malire ake onse ndi a "osachepera" ndipo chofunika ndi kupeza mtengo wotsikitsitsa. Pamenepo musatseke dera ndi mzere wanuwanu.

Katundu akakhala wa mitundu itatu kapena isanu, gilafu ithandizabe?

Siithandiza. Pepala lili ndi mbali ziwiri zokha, m'litali ndi m'lifupi, ndiye limakwana zosadziwika ziwiri. Mukaonjeza matumba a mpunga, malire aliwonse sakhalanso mzere koma khoma, ndipo dera likhala ngati chipinda cha makoma opendekeka. Maganizo ake koma sasintha: pali dera lovomerezeka, ndipo yankho lili pangodya. Katswiri wa masamu wa ku Russia, Leonid Kantorovich, analemba za mavuto otere mu 1939 atafunsidwa za kagawidwe ka ntchito pa makina a fakitale ya matabwa ku Leningrad. Mu 1947 George Dantzig wa ku America anapeza njira ya simpulekisi, yomwe imayenda kuchoka pangodya kupita pangodya yoyandikana nayo yabwinopo mpaka posowa yoposa, ndipo makompyuta amaigwiritsabe ntchito pa zosadziwika zikwizikwi. Pa MSCE mukumana ndi ziwiri zokha.

Ndingatsimikize bwanji kuti gilafu yanga ili bwino ndisanapereke pepala?

Tengani kadontho kamodzi pakati pa dera loyera, monga (20, 20), mukayese ndi mawu a funso lenilenilo, osati ndi malire amene munalemba, chifukwa mwina cholakwika chinalowa pomwe mumalemba malirewo. Matumba 20 a ufa ndi 20 a usipa alemera 1,400, adya malo 60, ndipo lonjezo la matumba 10 lakwana. Kenako tengani kadontho kamodzi kutsidya kwa mzere uliwonse, m'mbali yodetsedwa, muone ngati kakuphwanyadi malire a mzerewo: (36, 15) kalemera 2,100, (10, 38) kafuna malo 86, (20, 5) kaperewera pa lonjezo. Zonse zikagwirizana, dera lanu ndi loona. Tengani pepala la gilafu lero, mujambule boti limeneli kuyambira pa sikelo, kenako muonjezepo y ≤ 2x. Mukajambula bwino, ngodya ziwiri za pa mzere wa y zichoka, ndipo m'malo mwake mubwera (5, 10) ndi (16, 32).